Kulembera banki kalata yopempha nthawi yowonjezera yobwezera ngongole

Palibe lamulo m'dziko muno lokakamiza banki kukuwonjezerani nthawi yobwezera ngongole. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa makalata ambiri otere amagwa pomwepo. Tsiku limene munasayina mapepala a ngongole munalowa m'pangano, ndipo pangano limamanga mbali zonse ziwiri mpaka onse atagwirizana kulisintha. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, mabanki anagwirizana ndi Banki Yaikulu ya Malawi kupatsa ongongola mpumulo wa miyezi 3, koma imeneyo inali ndondomeko ya nthawi ya mliri basi. Masiku wamba aliyense amadzipemphera yekha. Ufulu umene muli nawo ndi wopempha, wouzidwa mtengo wonse wa chimene mukupempha, wopatsidwa chidziwitso katundu wanu asanagulitsidwe, ndiponso wodandaula ngati akuchitirani zosayenera. Udindo wanu ndi kunena zoona ndi kupitiriza kulipira zimene mungathe.

Nthawi yolembera kalatayi ndi pamene mwaona kuti mwezi ukubwerawu ndalama sizikwana, tsiku lolipira lisanafike. Anthu ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi. Amazimitsa foni, amasintha njira kuti asadutse pafupi ndi nthambi ya banki, ena amathamangira kwa akatapila kukatenga ndalama zotsekera mwezi umodzi. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Manyaziwo ali ndi mtengo wake m'mabuku a banki. Ngongole ikadutsa masiku 90 isanalipidwe, banki imaiwerengera m'gulu la ngongole zosayenda bwino, ndipo malamulo a Banki Yaikulu amafuna kuti iyike ndalama pambali zotchingira chiopsezocho. Zikafika pamenepo fayilo yanu kawirikawiri imachoka m'manja mwa ofisala amene mumadziwana naye n'kupita kwa otolera ngongole, anthu amene ntchito yawo ndi kubweza ndalama, osati kukonza mapulani. Kalata imene ikanamveka mosavuta mu Febuluwale imakhala yolemera kwambiri mu Juni.

Kuti nkhani isayandame, tiyerekeze mayi wina amene ali ndi chigayo pamalo a malonda m'boma la Dowa. Manambala ake ndi achitsanzo, koma masamu ake ndi enieni ndipo mukhoza kuwatsata ndi ngongole yanu. Anakongola K6,000,000 yoti abweze m'miyezi 24, pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka chowerengedwa pa ndalama zotsala. Pamwezi amalipira K335,477. Walipira miyezi 10 osaphonya, kuyambira Epulo mpaka Januwale. Mu Disembala mota ya makina okonolera inapsa, ndipo kugula ina kunamudyera K900,000, ndalama zimene ankasunga. Zipangizo zotere zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuwonjezera apo, munthu wina watsegula chigayo kutsidya kwa msewu, moti makasitomala agawikana. Mota ndi vuto la kamodzi, koma chigayo chatsidyacho sichichoka.

Chinthu choyamba chimene mayiyu ayenera kuchita si kugwira cholembera. Apite kubanki akapemphe sitetimenti ya ngongole, osati ya akaunti yake ya tsiku ndi tsiku ayi, ndi kope la pangano ngati lake linasowa. Sitetimentiyo imuonetsa kuti ngakhale walipira K3,354,770, mutu wa ngongole wotsala ndi pafupifupi K3,922,000. Ambiri amadabwa pamenepa n'kuyamba kuganiza kuti abedwa. Sanabedwe. M'miyezi yoyambirira gawo lalikulu la ndalama zimene munthu amalipira limapita ku chiwongoladzanja. Mwezi woyamba wokha chiwongoladzanja chinali K150,000. M'panganomo ayang'ane mawu onena za chindapusa cha kuchedwa, za kulipira msanga nthawi isanakwane, ndi ngati chiwongoladzanja chake n'chokhazikika kapena chimayendera mlingo umene mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi. Ngati chimayendera mlingowo, ndalama za pamwezi zikhoza kukwera kapena kutsika ngakhale atamuwonjezera nthawi.

Kenako awerenge m'thumba mwake mosadzinamiza. Kabuku ka kalaliki wa pachigayo kakuonetsa kuti miyezi yaposachedwapa pamalowa pafupifupi K1,450,000 pamwezi, pamene chaka chatha nyengo ngati yomweyi pankalowa K1,750,000. Mayunitsi a magetsi amatenga K520,000, malipiro a antchito K240,000, masefa, malamba ndi girizi K110,000. Zotsala ndi K580,000. Pakhomo pamafunika K300,000 ya chakudya, fizi ndi zina. Ndalama zimene angapereke kubanki ndi K280,000, pamene banki ikuyembekezera K335,477. Vuto lake lonse ndi kusiyana kumeneku, pafupifupi K55,000 mwezi uliwonse, ndipo kalata yake iyenera kuzungulira pa nambala imeneyi.

Kuwonjezera nthawi si mphatso

Mayiyu akapitiriza monga mwa pangano loyamba, m'miyezi 14 yotsalayo alipira K4,696,678 yonse pamodzi. Akapempha kuti K3,922,000 ija aifalitse pa miyezi 20, pamwezi azilipira pafupifupi K251,600. Pa miyezi 24 azilipira pafupifupi K219,300, ndipo yonse pamodzi ikhala pafupifupi K5,263,000, kutanthauza kuti mpumulowo waugula ndi K566,000 yowonjezera. Pa miyezi 36 ya pamwezi itsika kufika pafupifupi K166,500, koma yonse ifika pafupi ndi K5,994,000, chimodzimodzi ndalama zimene anakongola poyamba, ngati kuti miyezi 10 ija sanalipirepo kanthu.

Ine ndikanamulangiza miyezi 24. Ya 20 ndi yotchipirapo, koma imusiyira K28,000 yokha pamwezi, ndipo lamba mmodzi akaduka kapena mwana akagonekedwa kuchipatala, waphonya kale. Kuphonya pa pangano lachiwiri n'koipa kuposa kuphonya pa loyamba, chifukwa banki imaona kuti mawu anu sangadaliridwe, ndipo mwayi wachitatu supezeka wamba. Ya 36 ndi yokoma m'maso koma yodula kopanda chifukwa. Ya 24 imusiyira K60,000 yodzitetezera.

Pali njira ina imene anthu amaikonda kwambiri, yopempha miyezi ingapo yosalipira kalikonse. Dziwani kuti chiwongoladzanja sichigona. Pa ngongole ya mayiyu chimabadwa pafupifupi K98,000 mwezi uliwonse, choncho miyezi 3 ya phee ikhoza kuwonjezera K300,000 pamutu wa ngongole, ndipo ndalama imeneyonso iyamba kubala chiwongoladzanja chake. Mpumulo wotere umathandiza munthu amene akudikira ndalama zodziwika tsiku lake, monga mlimi wa fodya amene mabelo ake ali kale kuokushoni kapena wa kontrakiti amene ntchito anamaliza ndipo akudikira malipiro. Ngati vuto ndi lakuti zolowa zatsika ndipo sizibwerera msanga, mpumulo umangokankhira mavuto kutsogolo. Pakati pa ziwirizi pali kupempha kuti kwa miyezi ingapo muzilipira chiwongoladzanja chokha, kuti mutu wa ngongole usakule.

Kalata yake

Wowerenga kalatayi ndi ofisala amene ali ndi mafayilo ambiri, ndipo iye sagamula yekha. Amalemba lipoti lopita ku komiti yoona za ngongole, nthawi zambiri kulikulu la banki, kwa anthu amene sanakuonenipo. Kalata yanu izimupatsa zipangizo zokumenyerani nkhondo kumeneko. Tsamba limodzi kapena limodzi ndi theka n'lokwana. Pamwamba lembani keyala yanu, nambala ya foni, tsiku, ndi keyala ya nthambi. Mabanki athu amasunga mafayilo m'Chingerezi, choncho ngati mwalemba m'Chichewa funsani ofisala ngati akufunanso yomasulira, ndipo amene akukumasulirani asasinthe nambala ngakhale imodzi. Ya mayi wathu ingamveke chonchi:

Kwa Oyang'anira Nthambi,

Wokondedwa Bambo kapena Mayi,

PEMPHO LOWONJEZERA NTHAWI YOBWEZERA NGONGOLE: AKAUNTI NAMBALA …

Ndine kasitomala wanu amene ndinakongola K6,000,000 ya bizinesi ya chigayo, yobweza m'miyezi 24 pa K335,477 pamwezi. Ndalipira miyezi 10 yonse pa nthawi yake, ndipo malinga ndi sitetimenti yanu, mutu wotsala ndi K3,922,000.

Ndikulemba tsiku lolipira la pa 28 Febuluwale lisanafike pofuna kukudziwitsani kuti sindikwanitsa ndalama yonse ya pamwezi. Mu Disembala mota ya makina okonolera inapsa ndipo ndinagula ina pa K900,000. Komanso pafupi ndi ine patsegulidwa chigayo china, moti zolowa pamwezi zatsika kuchoka pa K1,750,000 kufika pa K1,450,000. Ndikachotsa zoyendetsera chigayo ndi zapakhomo, ndimatsala ndi K280,000.

Choncho ndikupempha kuti ndalama zotsalazo ndizibweze m'miyezi 24 m'malo mwa 14. Mwa kuwerengera kwanga, pa chiwongoladzanja chimene chilipo pano, ndizilipira pafupifupi K219,300 pamwezi. Pa 28 Febuluwale ndidzalipira K220,000 pamene ndikudikira yankho lanu, ndipo ndidzatero mwezi uliwonse. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene anthu akolola ndipo ntchito imachuluka, ndikufuna kumawonjezera K100,000 pamwezi, choncho ndikupempha kuti ndalama zowonjezerazo zizichotsedwa pamutu wa ngongole popanda chindapusa. Makina onse awiri akugwira ntchito tsopano, ndipo ndalama za pachigayo ndiziziika mu akaunti yanga ya kubanki kwanu sabata iliyonse kuti muziona mmene bizinesi ikuyendera.

Ndikupemphanso kuti mundilembere ndalama zonse zimene kusinthaku kudzanditengere, kuphatikizapo chiwongoladzanja, zolipira pokonza mapepala ndi inshulansi, ndisanasayine. Ndaphatikiza lisiti la mota, makope a kabuku ka zolowa a miyezi 6, malisiti a mayunitsi a magetsi ndi sitetimenti ya akaunti yanga. Ndine wokonzeka kubwera kudzakambirana tsiku limene mungasankhe, ndipo muli olandiridwa kudzaona chigayocho.

Ine wanu,
siginecha, dzina ndi nambala ya chiphaso cha unzika.

Taonani zimene mulibe m'kalatamo. Mulibe mbiri ya banja, maliro onse a chaka chino, kapena mawu akuti ndichitireni chifundo ngati mwana wanu. Ulemu wa kalata ya kubanki suli m'kuchonderera. Uli m'kusataya nthawi ya wowerenga ndi kusamunamiza. Mulibenso kudzudzula banki chifukwa cha chiwongoladzanja chokwera. Dandaulo limenelo likhoza kukhala loona, ndipo ambiri tili nalo, koma ofisala wa panthambi sangalithetse, ndipo mukaliyika pamodzi ndi pempho mumaoneka ngati mukufuna mkangano. Ngati pali ndalama zimene anakudulani molakwika, lembani kalata ina payokha.

Chimene chimapangitsa pulani kukhala yokhulupirika ndi chakuti nambala iliyonse ili ndi pepala kumbuyo kwake. Malisiti a magetsi ndi mboni yabwino kwambiri pachigayo, chifukwa mayunitsi amene agwiritsidwa ntchito amaonetsa kuchuluka kwa chimanga chimene chagayidwa. Munthu sangakokomeze zolowa popanda magetsi kumutsutsa. Wapantchito amene malipiro ake adulidwa aphatikize mapepala a malipiro ndi kalata ya abwana. Mlimi aonetse pangano la wogula mbewu zake. Mawu akuti zinthu zikayenda ndidzalipira, kapena akuti pali ndalama zina zimene ndikuyembekezera, si pulani. Ndipo musabise ngongole zina. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza mbiri ya ongongola kumabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data ndi TransUnion, motsatira lamulo la mu 2010, ndipo ofisala akaona kumeneko ngongole imene simunaitchule, sakhulupiriranso manambala ena onse. Za kubanki mkhonde sizioneka pamakina, koma ziwerengereni ndithu pa zotuluka zanu, chifukwa Loweruka likafika azimayi anzanu adzazifuna.

Mawu a pakamwa sasintha pangano

Pitani ndi makope awiri. Limodzi musiye, linalo alidinde chidindo cha tsiku limene alandira n'kukubwezerani. Mukatumiza pa imelo, sungani uthengawo pamodzi ndi yankho lake. Pakapita sabata ziwiri popanda yankho, lembani kakalata kakafupi kokumbutsa, kotchula tsiku la chidindo chija.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Ofisala amati, "Musadandaule mayi, nkhani yanu tikuiona," munthu n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo n'kusiya kulipira. Makina a banki samva mawu amenewo. Amapitiriza kuwerenga masiku a kuchedwa ndi kuwonjezera chindapusa, ndipo ofisalayo akasamutsidwa palibe amene adzakumbukire zimene ananena. Mpaka mutasayina pepala latsopano, pangano lakale ndi limene likugwira ntchito. N'chifukwa chake mayi uja walonjeza kulipira K220,000 pa 28 Febuluwale ngakhale asanayankhidwe. Ndalamayo siikwanira, ndipo banki ili ndi ufulu wowerengera yotsalayo ngati yochedwa, koma imaonetsa kuti pulaniyo ikutheka, ndipo pokambirana akhoza kupempha kuti chindapusa cha masiku odikirawo achikhululuke kapena achiphatikize m'ndondomeko yatsopano.

Akavomera, adzakupatsani kalata ya pangano latsopano. Musasayinire pa kauntala anthu ali pamzere kumbuyo kwanu. Itengeni mukaiwerenge kunyumba, kapena muonetse munthu wodziwa. Onani ngati chiwongoladzanja chakhala chomwe chija kapena achikweza, ngati pali ndalama yolipira pokonza pangano, ndiponso ngati akufuna chikole china. Funsani za inshulansi. Ngongole zambiri zimakhala ndi inshulansi imene imalipira zotsala mwini ngongole akamwalira kapena akalumala, ndipo ngati inagulidwa ya miyezi 24 yoyamba ija, miyezi 10 yowonjezerayo ikhoza kukhala yosatetezedwa, mtolo n'kudzagwera ana. Kwa amene wachotsedwa ntchito, inshulansi zina zimalipira miyezi ingapo, choncho yambani mwafunsa zimenezo musanapemphe n'komwe nthawi.

Ngati pali munthu amene anakusayinirani kuti adzalipira inu mukalephera, muuzeni musanapereke kalata. Iye anavomera pangano la miyezi 24, osati la 34, ndipo banki idzafuna kuti asayinenso. Kumva nkhaniyi koyamba kuchokera kwa ofisala wa banki kwathetsa maubale ambiri. Chimodzimodzi amuna anu kapena akazi anu, makamaka ngati chikole ndi nyumba imene banja likukhalamo.

Akakana

Kukana pempho lotere si mlandu, choncho simungakadandaule kuti banki yakumanani nthawi. Chimene mungachite ndi kupempha chifukwa chake molemba, kenako n'kubwereranso ndi pulani ina: nthawi yofupikirapo, ndalama ina yoperekeratu mutagulitsa katundu amene si chikole, kapena kupempha chilolezo choti mugulitse nokha chikolecho. Mwini wake akamagulitsa modekha amapeza mtengo wabwino kuposa wa paokushoni. Koma musagulitse katundu wa chikole mobisa. Makina, galimoto ndi ziweto zimene zaperekedwa ngati chikole zimalembedwa m'kaundula wa boma motsatira lamulo la mu 2013 la chikole cha katundu wosunthika, ndipo kuzigulitsa popanda chilolezo cholembedwa kukhoza kukugwetsani m'mavuto aakulu kuposa ngongoleyo.

Pa nyumba ndi malo, banki singangodzuka n'kugulitsa. Lamulo la malo olembetsedwa m'kaundula, limene limagwira ntchito pa mapuloti ambiri a m'mizinda, limati munthu akalephera kulipira kwa mwezi umodzi, wobwereketsa akhoza kumupatsa chidziwitso cholembedwa, ndipo mphamvu yogulitsa imabwera pokhapokha patapita miyezi 3 chiperekereni chidziwitsocho iye asanakonze. Malo amene sali pansi pa lamulo limeneli amayendera malamulo ena ndi mawu a pangano, choncho chidziwitso chotere chikafika, pitani nacho kwa loya sabata yomweyo. Amene alibe ndalama za loya afunse ku Legal Aid Bureau. Miyezi 3 imeneyo si yobisala. Ndi nthawi yomaliza imene kalata ya mtundu uwu ingagwire ntchito. Katundu akagulitsidwa, ndalama zotsala pambuyo pochotsa ngongole ndi zolipira pogulitsa ndi zanu, ndipo muli ndi ufulu woona mmene awerengera. Zikaperewera, ngongole yotsalayo ikadali pamutu panu.

Dandaulo lenileni ndi la zinthu monga kukukanizani sitetimenti, kukudulani ndalama zimene mulibe m'pangano, kusayankha makalata, kukuopsezani, kapena kutumiza mbiri yolakwika kumabungwe a mbiri ya ngongole. Mbiri yanu muli ndi ufulu woiona ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Yambani ndi ofesi yolandira madandaulo ya banki yomweyo, molemba, ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu. Ngati sizinathe, kadandauleni kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma, udindo umene malinga ndi lamulo la ntchito zachuma la mu 2010 uli m'manja mwa Gavanala wa Banki Yaikulu ya Malawi. Kumeneko adzakufunsani umboni wakuti munayamba mwadandaula kubanki kwanu, choncho kalata iliyonse yodindidwa, lisiti lililonse ndi uthenga uliwonse wa pafoni muzisunge mu fayilo imodzi, motsatana masiku ake.